Kuchoka pa malonda kupita koyesa mapulogalamu: zimene imelo yaifupi yofunsira ntchito iyenera kunyamula

Mwezi watha mlongo wanga wamng'ono anandiimbira foni usiku ali ku Kasungu. Kwa zaka zisanu wakhala akugulitsa magetsi a sola olipira pang'onopang'ono, kuyenda pa njinga yamoto ku Chamama, ku Wimbe, mpaka ku Santhe. Chaka chino wakhala akuphunzira payekha ntchito yoyesa mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta, imene ine ndimagwira ku Lilongwe. Anali atatumiza imelo yofunsira ntchito malo atatu, koma onse anangoti zii.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Kodi vuto ndi loti ndilibe digiri ya makompyuta?"

Ndinamuuza kuti anditumizire imeloyo. Nditaiwerenga ndinaona kuti za digirizo sizinafikidwe n'komwe. Ndime yoyamba inkati iye amakonda zipangizo zamakono kuyambira ali mwana. Yachiwiri inkati ndi wolimbikira ndiponso amagwira zinthu msanga. Yachitatu inkapepesa kuti sanagwirepo ntchitoyi, n'kupempha kuti angompatsako mwayi. M'mawu onsewo munalibe chilichonse chimene wowerenga akanachigwira n'kunena kuti munthu uyu amadziwa kuyesa. Chonsecho ine ndikudziwa kuti amadziwa, chifukwa nkhani yake ya makasitomala olembedwa kawiri anandiuza kalekale.

Ntchito yoyesa mapulogalamu ndi yotani kwenikweni

Anthu ambiri akamva za woyesa mapulogalamu, amene kuntchito timamutcha tesitala, amaganiza za munthu amene amangodina mabatani n'kuona ngati zikuyenda. Kudina kulipo ndithu, koma ntchito ili pa kusankha choti udine, komanso kulemba zimene waona.

Taganizirani za wogula fodya ku Chinkhoma. Sangaone tsamba lililonse m'belo. Amadziwa poti apise dzanja, chifukwa amadziwa pamene fodya woipa amakonda kubisala. Pulogalamu nayo ili ndi njira zochuluka kwambiri moti palibe angaziyese zonse, ndiye tesitala amasankha malo amene zolakwika zimakonda kukhala. Amodzi mwa malowa ndi m'malire. Ngati pulogalamu ikuti ndalama yoyambira isachepere K20,000, tesitala sataya nthawi kuyesa K50,000 ndi K60,000, pakuti ziwirizi zili m'gulu limodzi ndipo pulogalamu imazitenga mofanana. Amayesa K19,999, K20,000 ndi K20,001. Wolemba pulogalamu akasokoneza "kuposa" ndi "kuyambira pa", cholakwikacho chimaonekera pomwepo.

Cholakwika cha mu pulogalamu timachitcha bagi. Akachipeza, tesitala amalemba lipoti lopita kwa olemba pulogalamuyo, nthawi zambiri m'chida ngati Jira. Lipoti labwino limakhala ndi zigawo zitatu zimene mudzaziona pa sikirini motere:

```
Steps to reproduce
Expected result
Actual result
```

Choyamba ndi njira imene munthu wina angatsate kuti cholakwikacho chimuchitikire nayenso. Chachiwiri ndi zimene zinayenera kuchitika. Chachitatu ndi zimene zinachitika. Wolemba pulogalamu sakonza chinthu chimene sangathe kuchiona ndi maso ake, n'chifukwa chake lipoti longoti "apu ikuvuta" limabwezedwa. Zili ngati kupita ndi njinga yamoto kwa makaniko n'kumuuza kuti "ikudwala". Amafuna umuuze kuti imazima ikatentha, pokwera chitunda, ili pa giya yachitatu.

Zigawo zitatuzi muzisunge m'mutu, pakuti imelo yonse itsamira pa izo.

Zimene wowerenga imeloyo akudzifunsa

Amene akutsegula imelo yanu nthawi zambiri ndi mkulu wa gulu la oyesa kapena wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo ali ndi maimelo ena ambiri pa mzere. Akaona kuti mukuchokera ku malonda, kukayika kumabwera. Kodi munthuyu akuthawa tageti ndi komishoni yosadalirika, moti ntchito iliyonse ya mu ofesi angailandire? Kodi akudziwa kuti tesitala amakhala tsiku lonse akubwereza mayeso omwewo, ndipo nthawi zambiri amabweretsa uthenga umene anzake safuna kuumva?

Kukayika kwachiwiriku kuli ndi maziko, ndipo ndi bwino wamalonda akudziwe. Pa malonda mumaphunzira kuonetsa ubwino wa katundu, kusalaza mawu, kunena "aliyense akuikonda" pamene ogula ndi asanu. Pa kuyesa mumaonetsa pamene katundu akulephera, ndipo mawu ngati "nthawi zonse" kapena "aliyense" ndi oopsa ngati simunawerenge. Imelo yodzaza ndi mawu otsatsa imatsimikizira wowerengayo kuti chizolowezi chakale chidakalipo. Imelo yopepesa nayo sithandiza, chifukwa imamuuza zimene mulibe, zimene akanaziona yekha mu sivi, chikalata chija cha mbiri ya maphunziro ndi ntchito.

Koma wamalonda ali ndi chinthu chimene wachinyamata wongochoka ku koleji alibe. Waona pulogalamu ikugwiritsidwa ntchito ndi anthu enieni, pa foni yotchipa, padzuwa, netiweki ikubwera ndi kupita. Akudziwanso kuti ndi cholakwika chiti chimene chimataya ndalama. Pa ntchito yathu timasiyanitsa kukula kwa bagi ndi changu chimene ikufunika kukonzedwa nacho. Chilembo cholakwika pa dzina la kampani patsamba loyamba ndi bagi yaing'ono koma yofuna kukonza lero. Lipoti la kumapeto kwa chaka limene likukana kutuluka mu Febuluwale ndi bagi yaikulu koma ingathe kudikira pang'ono. Munthu amene anaimapo pamaso pa kasitomala wokwiya amamva kusiyana kumeneku popanda kumuphunzitsa kwambiri. Vuto ndi loti kungolemba kuti "ndimawadziwa makasitomala" sikuonetsa kanthu. Pafunika nkhani imodzi yeniyeni.

Nkhani ya makasitomala olembedwa kawiri

Nkhani ya mlongo wanga ndi iyi. Kampani imene ankagwirako inkawapatsa apu yolembera kasitomala watsopano. Makasitomala ena anayamba kulandira mauthenga a ngongole ziwiri pa nyali imodzi. Kuofesi ankati ogulitsa ndi amene akulemba kawiri kuti achulukitse komishoni, ndipo ena mwa anzake anakalipiridwa.

Iye anaona kuti madandaulo onse akuchokera kumadera kumene netiweki imavuta, palibe la pa boma. Anayamba kulemba m'kope tsiku, malo, ndi zimene zinachitika pa foni. Anazindikira kuti akadina batani losungira, netiweki n'kuduka yankho lisanabwere, apu inkaonetsa ngati palibe chasungidwa. Wogulitsa ankadinanso, ndipo zonse ziwiri zinkalowa. Kuti atsimikize, anapempha chilolezo kwa bwana wake, nagwiritsa ntchito dzina loyeserera ali pa ofesi ya pa boma pamene netiweki ili bwino. Anadzaza fomu, kudina batani, n'kuzimitsa netiweki ya foniyo nthawi yomweyo, kenako kuyatsa n'kudinanso. Pa maulendo asanu, anayi anatulutsa kasitomala kawiri. Anatumiza njirayo ndi zithunzi za sikirini, ndipo patapita milungu ingapo apu inakonzedwa.

Nditamukumbutsa nkhaniyi anati, "Koma achimwene, imeneyo sinali ntchito ya utesitala, ndinkangodziteteza." Ndinamuuza kuti, "Iwe, zimene unachitazo ndiye utesitala wake." Anaona kumene vuto likuchuluka, anaganiza chimene chingalibweretse, analibweretsa dala pamalo ena kuti achotse kukayika, anawerenga maulendo, n'kupereka lipoti limene wina anatha kulitsatira. Ngakhale chifukwa chake ndi chodziwika bwino kwa olemba mapulogalamu: pempho linkafika ku kompyuta yaikulu ya kampani, yankho lokha ndi limene linkatayika m'njira, ndipo panalibe chizindikiro chouza kompyutayo kuti pempho lachiwiri ndi lomwe lija. Iye sankadziwa zimenezi m'mawu a akatswiri, ndipo sizinafunike kuti azidziwe.

Si aliyense ali ndi nkhani yomveka chonchi, koma amene wagwirapo ndi makina olembera malisiti m'sitolo, apu ya maoda, kapena kulandira ndalama za pa foni, akakumbukira bwino amapezapo kanthu. Mwina nambala ya kasitomala inalembedwa kuyambira ndi +265, iye n'kulipira ndi nambala yoyamba ndi 0, ndipo malipiro sanapeze mwini wake. Chofunika si kukula kwa vutolo. Chofunika ndi chimene inuyo munachita kuti mudziwe pamene limachitika ndi pamene silichitika.

Imeloyo titaikonza

Malonda olengeza ntchito zotere amatuluka m'Chingerezi, ndipo imelo yeniyeni inapita m'Chingerezi chosavuta. Pano ndaiika m'Chichewa kuti tione mafupa ake. Mutu wa imelo uzikhala ndi dzina la ntchito monga lalembedwera pa malondawo, chifukwa ena amasefa maimelo ndi mawu amenewo:

```
Application: Junior Software Tester
```

Thupi lake linali lotere:

"Okondedwa Bambo kapena Mayi, ndikufunsira ntchito ya woyesa mapulogalamu woyamba kumene imene mwalengeza. Kwa zaka zisanu ndakhala ndikugulitsa magetsi a sola m'midzi ya ku Kasungu, ndikulemba makasitomala pa apu ya pa foni tsiku lililonse.

"Chimene chinanditembenuzira ku ntchitoyi ndi ichi. Makasitomala ena ankalembedwa kawiri. Ndinaona kuti zikuchitika kumene netiweki imaduka, ndinabwereza vutolo dala mwa kuzimitsa netiweki nditangodina batani losungira, ndipo linachitika maulendo anayi mwa asanu. Ndinalemba njira yake, olemba pulogalamu anaitsatira n'kukonza. Ntchito imeneyo ndinaikonda kuposa kugulitsa, ndipo ndikufuna ikhale ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku.

"Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikuphunzira silabasi ya ISTQB Foundation Level, koma mayeso sindinalembe. Ndaika sivi yanga pamodzi ndi tsamba limodzi la malipoti atatu a zolakwika amene ndinalemba poyesa tsamba la intaneti lophunzirirapo. Mayeso odziyendera okha sindinayambe kulemba. Ndine wokonzeka kusamukira ku Lilongwe, ndipo ndingabwere kudzacheza nanu tsiku lililonse la m'kati mwa mlungu mutandiuza kudakali masiku awiri. Ine wanu,"

Pansi pake panali dzina ndi nambala ya foni, basi. Imelo yonse imakwana pa sikirini ya foni mutangotsitsa kamodzi kapena kawiri. Kwa ine, mawu 150 mpaka 200 ndi okwanira. Akapitirira pamenepo, nkhani ija imamira.

Onani kuti mawu oti "wolimbikira" kapena "wosamala" mulibemo. "Anayi mwa asanu" akugwira ntchito imeneyo, ndipo akuigwira bwino kuposa, chifukwa wamalonda wokokomeza akanati "nthawi zonse". Chifukwa chosinthira ntchito chili m'chiganizo chimodzi, ndipo chikuloza kumene akupita, osati zimene akuthawa. N'zoona kuti komishoni inamutopetsa, ndipo akafunsidwa pa intavyu sadzabisa, koma imelo yaifupi ilibe malo a chinthu chimene sichithandiza wowerenga kuweruza ngati angathe ntchito.

Chiganizo cha mayeso odziyendera okha tinakanganapo. Awa ndi mayeso amene tesitala amalemba ngati pulogalamu, pogwiritsa ntchito zida ngati Selenium, kuti kompyuta izibwereza yokha. Mlongo wanga ankafuna tichotse, akuti wamalonda sauza wogula zimene katundu sachita. Ine ndinati malonda a ntchitoyo anatchula luso limeneli ngati chowonjezera, choncho funsolo lidzabwera basi, ndipo kulinena wekha m'mawu ochepa kumaonetsa khalidwe la tesitala, lonena zimene wayesa ndi zimene sanayese. Anzanga ena pa ntchito amaona mosiyana: amati osatchula chosowa chilichonse chimene sichili pa zofunika zenizeni, chifukwa wosefa woyamba mwina si katswiri ndipo angangoona mawu oti "sindinayambe" n'kudutsa. Onse ali ndi mfundo. Chimene palibe amatsutsa ndi choti kulemba dzina la chida chimene mwangoonerapo vidiyo imodzi kumagwetsa munthu pa funso loyamba.

Za satifiketi

ISTQB ndi bungwe la padziko lonse limene linakhazikitsidwa mu 2002, ndipo limakonza masilabasi ndi malamulo a mayeso a oyesa mapulogalamu. Mayeso a gawo loyamba, lija la Foundation Level, ali ndi mafunso 40 osankha yankho, ndipo pamafunika kukhoza 26. Nthawi yake ndi mphindi 60, koma amene akulemba m'chinenero chimene si chobadwa nacho amatha kupatsidwa mphindi 75. Silabasi yake, imene inatuluka mwatsopano mu 2023, ndi yaulere pa intaneti. Mayeso ndiwo olipira.

Pali olemba ntchito amene amafuna satifiketiyi ndithu, ndipo pali ena amene amati imangosonyeza kuti munthu waloweza matanthauzo a mawu. Kwa wosintha ntchito, phindu lake ndi loti imaonetsa kuti mwaikapo nthawi, komanso imakupatsani mayina a zinthu zimene munkachita kale osadziwa dzina. Mu imelo, nenani pamene mwafika osawonjezera: mukuwerenga, mwalembetsa mayeso, kapena mwakhoza. Zitatuzi ndi zosiyana, ndipo kulemba dzina la satifiketi palokha ngati muli nayo pamene mukungowerenga ndi bodza losavuta kuligwira.

Pamene anthu amapunthwa

Mukamafotokoza nkhani ya kuntchito yakale, musatchule dzina la kasitomala, nambala yake, kapena kuika chithunzi cha sikirini chokhala ndi anthu enieni. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu zosungidwa, komanso tesitala amaona zinsinsi za makasitomala kawirikawiri, choncho wowerenga akaona mwamwaza za akale amadziwa kuti mudzamwazanso zake. N'chifukwa chake malipoti atatu aja anachokera pa tsamba lophunzirirapo, osati pa apu ya kampani. Masamba otere, opangidwa dala kuti ophunzira aziyeserapo, alipo pa intaneti.

Ena amaganiza zokopa kampani imene akufunsirako ntchito poipezera zolakwika pa apu yake. Ngati mwaona chinthu mukuigwiritsa ntchito monga kasitomala wamba, mwachitsanzo batani lobisika pa foni ya sikirini yaing'ono, mungachitchule mwaulemu m'chiganizo chimodzi, ngakhale ena amachilandira bwino pamene ena chimawanyansa. Koma kuyesa kulowa m'akaunti ya wina kapena kumalo kumene simunaloledwe si luso loonetsa. Lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti ndi chitetezo chake limati kulowa mu kompyuta ya eni popanda chilolezo ndi mlandu. Mlongo wanga anapempha kaye kwa bwana wake asanayese, ndipo zimenezo ndi zoyenera kuzinena pa intavyu.

Za komwe mukukhala, nenani poyera. Kuchokera pa Kasungu boma kukafika ku Lilongwe ndi pafupifupi makilomita 130 pa msewu wa M1, ulendo woti mungapite ndi kubwera tsiku lomwelo pa intavyu, koma osati tsiku ndi tsiku pa ntchito. Wowerenga akaona Kasungu pa sivi popanda mawu ena, amadzipangira yekha yankho. Ngati ntchitoyo ndi yogwirira kunyumba, chiganizo chija chisinthe n'kunena kuti muli ndi laputopu, intaneti yodalirika, ndi chochita magetsi akazima. Apa mlongo wanga, wogulitsa sola, sanavutike.

Kuiyesa imelo isanapite

Pa ntchito zina, kuiwala kuika sivi mutalemba kuti mwaiika ndi kuphonya kokhululukika. Pa ntchito yofufuza zolakwika, wowerenga amaona ngati ndi chitsanzo cha ntchito yanu. Imelo yoyamba ya mlongo wanga inali ndi dzina la kampani ina m'ndime yomaliza, lotsalira pamene ankakopera, ndipo iye sanalione kufikira nditamusonyeza.

Ndiye tinachita chimene tesitala amachita. Anadzitumizira yekha imeloyo pa adiresi ina, n'kuitsegula pa foni komanso pa kompyuta. Anatsegula mafayilo onse awiri kuchokera mu imelo yolandiridwayo, osati m'foni momwe anawasunga. Anawasintha kukhala PDF kuti asasokonekere pa kompyuta ya wina, n'kuwapatsa mayina omveka, chifukwa sivi yake inkatchedwa motere:

```
cv final new 2.docx
```

Anayerekeza dzina la ntchito ndi la kampani ndi zolembedwa pa malonda, chilembo ndi chilembo. Anaimba nambala imene analemba pansi kuchokera pa foni ya mnzake, ndipo inalira. Potsiriza ndinamupempha kuti andiuze pakamwa nkhani ya makasitomala olembedwa kawiri ija ngati lipoti, kuyambira pa njira yake, zimene zinayenera kuchitika, ndi zimene zinachitika, chifukwa akamuitana, funso loyamba lidzachokera m'ndime imeneyo. Ndinamufunsanso limene ine ndikanafunsa ndili mbali inayo ya tebulo: nanga ulendo wachisanu uja, chifukwa chiyani kasitomala sanalembedwe kawiri? Anakhala chete pang'ono, kenako anati ulendo umenewo mwina anachedwa kuzimitsa netiweki, yankho linali litafika kale, kapena anafulumira kwambiri pempho loyamba lisanachoke m'foni. Ndinamufunsa kuti angasiyanitse bwanji ziwirizi. Anati poyamba apu ikanaonetsa uthenga woti zasungidwa, pamene pachiwiri sikanaonetsa kanthu, ndipo akaona m'kope lake lija ngati analemba zimene sikirini inaonetsa tsikulo.